Bulaketi yosenza katundu chapatali: sitiresi ya pa mmero wa msoko timaipeza bwanji?

Funso: Akatswiri, ndili ndi bulaketi ya puleti yomwe yagona pa nkhope ya mzati wachitsulo. Yawotchereredwa mbali zitatu ndi fileti ya 8 mm: msoko woimirira wa 200 mm, ndi misoko iwiri yopingasa ya 100 mm uliwonse, wina pamwamba wina pansi, yonse yolozera komwe kuli katundu. Katundu wa 50 kN akukanikiza chotsika pa mtunda wa 250 mm kuchokera pa msoko woimirira. Ine ndinagawa katunduyo ndi kukula kwa mmero wonse ndipo ndinapeza 22 MPa. Mnzanga anawonjezerapo za kupotokola napeza 103 MPa. Wolondola ndani, ndipo njira yake yeniyeni ndi iti?

Yankho: Nambala yomwe mukufuna ndi pafupifupi 96 MPa, ndipo imapezeka pa nsonga ziwiri za misoko yopingasa, kumene misokoyo ikuthera chakufupi ndi katundu. Mnzanuyo wayandikira, ndipo kulakwitsa kwake sikungagwetse chinthu. Kwanu kungagwetse, chifukwa msoko ukuvutika kuposa kanayi poyerekeza ndi zomwe pepala lanu likunena. Komabe masamu anu a 22 MPa musawataye, ndi gawo loyamba la yankho lolondola.

Tiyambe ndi zomwe puletiyo ikufuna kuchita. Tangoganizani kuti misoko yonse itatu yachotsedwa, m'malo mwake mwaboola pakati n'kuikapo bawuti imodzi yosamanga kwambiri. Mukaika katundu kunsonga, puletiyo siingotsetsereka chotsika ayi, izungulira pa bawutiyo ngati sipanala. Ndiye kuti msoko uli ndi ntchito ziwiri nthawi imodzi. Yoyamba ndi kuletsa puleti kutsetsereka. Yachiwiri ndi kuiletsa kuzungulira. Inu mwawerengera yoyamba yokha, pomwe pa bulaketi ngati yanuyi yachiwiri ndiyo yaikulu kwambiri.

Ine ndimakonda kuyamba ndaiwala kaye za kunenepa kwa msoko. Ndimautenga ngati mzere wopanda makulidwe, ndipeze kuti milimita iliyonse ya mzerewo ikusenza manyutoni angati, kenako pomaliza penipeni ndigawe ndi mmero, womwe ndi makulidwe a msoko pomwe wapyapyala kwambiri. Ubwino wake ndi woti mukafuna kusintha fileti kuchoka pa 8 mm kupita pa 6 mm simubwereza masamu onse, mumangosintha kugawa komaliza.

Utali wonse wa mzere ndi 200 + 100 + 100, womwe ndi 400 mm. Katundu akanakhala kuti akudutsa pakati penipeni pa misokoyo, milimita iliyonse ikanasenza gawo lofanana:

```
f1 = P / L = 50,000 / 400 = 125 N/mm
```

Mphamvu imeneyi ikuloza pansi paliponse pa msoko, pangodya ngakhale pansonga, ndipo kukula kwake sikusintha.

Tsopano funso ndi loti puleti ikuzungulira pa malo ati. Mu njira yomwe tikugwiritsa ntchitoyi timati ikuzungulira pa sentiroyidi ya misoko. Sentiroyidi ndi malo omwe waya wopindidwa mofanana ndi misoko yanuyo ungakhazikike osapendekera mbali iliyonse. Onetsetsani kuti ndi sentiroyidi ya misoko, osati ya puleti kapena ya mzati. Kuchoka pamwamba kupita pansi ili pakati, chifukwa msoko wapamwamba ndi wapansi ndi yofanana. Chopingasa ndiye pafunika kuwerengera. Msoko woimirira uli pa ziro, ndipo pakati pa msoko wopingasa uliwonse pali pa 50 mm:

```
x̄ = (200 × 0 + 2 × 100 × 50) / 400 = 25 mm
```

Sentiroyidi ili 25 mm kuchokera pa msoko woimirira, kulowera komwe kuli katundu, pamalo pomwe palibe msoko n'komwe. Mkono wa katundu tiuyeza kuchokera pamenepo, osati pa msoko woimirira pomwe munayambira kuyeza inu:

```
e = 250 − 25 = 225 mm
M = P × e = 50,000 × 225 = 11,250,000 N·mm
```

Pano m'pomwe anthu ambiri amapunthwa, ndipo kupunthwa kwake kuli mitundu iwiri. Wogwiritsa ntchito 250 mm amathera pa 104 MPa, zomwe zakwera pang'ono koma sizoopsa. Woopsa ndi amene amayeza kuchokera m'mphepete mwa mzati, pomwe misoko yopingasa ikuthera, poganiza kuti bulaketi yayambira pamenepo kulendewera. Ameneyo amatenga mkono wa 150 mm n'kupeza 69 MPa, ndipo amakhala atabisa gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a sitiresi yeniyeni.

Momentiyi M, yomwe ndi mphamvu yofuna kuzunguliritsa puleti, imagawidwa mosafanana. Puleti yolimba ikazungulira pang'ono, malo omwe ali kutali ndi pozungulirapo amasuntha kwambiri kuposa apafupi, monga momwe m'mphepete mwa gudumu mumayendera mtunda wautali kuposa pafupi ndi ekiselo. Malo osuntha kwambiri ndi omwe amakoka msoko kwambiri. Choncho mphamvu ya kupotokola pa malo aliwonse imakula molingana ndi mtunda r wa malowo kuchokera pa sentiroyidi, ndipo imaloza mopingasa ndi mzere wochokera pa sentiroyidi kufika pa malowo. Mfundo yachiwiriyi, ya komwe mphamvuyo ikuloza, muigwire bwino, chifukwa ndi yomwe mnzanu anaidumpha.

Kuti tidziwe kukula kwake tifunika J, pola momenti ya misoko, nambala yosonyeza kuti misokoyo yatambasuka motani kuzungulira sentiroyidi. J ndi Ix kuphatikiza Iy, pomwe Ix imayeza kutambasuka choimirira ndipo Iy imayeza kutambasuka chopingasa. Mzere uliwonse umapereka zinthu ziwiri: gawo lake lokha, lomwe ndi utali × utali × utali n'kugawa ndi 12 ngati wagona motsata mbali yomwe tikuyeza, ndi gawo lobwera chifukwa cha kutalikirana kwake ndi sentiroyidi, lomwe ndi utali kuchulukitsa ndi sikweya ya mtundawo.

```
Ix = 200³/12 + 2 × (100 × 100²)
   = 666,667 + 2,000,000 = 2,666,667 mm³

Iy = 200 × 25² + 2 × (100³/12 + 100 × 25²)
   = 125,000 + 291,667 = 416,667 mm³

J = Ix + Iy = 3,083,333 mm³
```

Musadabwe kuona mm³ pomwe m'kalasi munazolowera mm⁴. Mzere wathu ulibe makulidwe, ndiye milimita imodzi ikusowa, ndipo ibwera tikamagawa ndi mmero. Mukafuna kutsimikiza kuti simunasokoneze pophatikiza, misoko ya mbali zitatu yotere ili ndi fomula yachidule yomwe iyenera kupereka nambala yomweyo. Mu fomulayi b ndi utali wa msoko wopingasa ndipo d ndi wa woimirira:

```
J = (2b + d)³/12 − b²(b + d)²/(2b + d)
  = 5,333,333 − 2,250,000 = 3,083,333 mm³
```

Taonaninso manambala a mu Ix aja. Pa J yonse ya mamiliyoni atatu ndi pang'ono, mamiliyoni awiri athunthu achokera pa chinthu chimodzi chokha, choti misoko yopingasa yatalikirana ndi sentiroyidi ndi 100 mm. Tibwereranso pa mfundo imeneyi tikamakamba zolimbitsa bulaketi.

Malo ovutika kwambiri ndi ati? Ayenera kukwaniritsa zinthu ziwiri: akhale kutali ndi sentiroyidi, komanso kupotokola kukhale kokankhira mbali yomwe katundu akukankhira kale. Katundu wanu akakhala kudzanja lamanja, puleti ikufuna kuzungulira monga muvi wa wotchi. Chilichonse cha kumanja kwa sentiroyidi chikutsika, chilichonse cha kumanzere chikukwera. Nsonga za misoko yopingasa zili kumanja, 75 mm chopingasa ndi 100 mm choimirira kuchokera pa sentiroyidi, ndiye r ndi 125 mm. Zili kutali kuposa malo ena onse, ndipo zikutsika limodzi ndi katundu. Pamenepo m'pomwe tiwerengere.

```
f2 = M × r / J = 11,250,000 × 125 / 3,083,333 = 456 N/mm
```

Yerekezani 456 ndi 125 uja. Kupotokola kokha kwaposa mphamvu yotsetsereka katatu ndi theka.

Tafika pa phata la funso lanu. Tili ndi mivi iwiri pa nsonga imodzi. Wa 125 ukuloza pansi molunjika. Wa 456 ukuloza chopendekeka: pa nsonga yapamwamba ukulowera pansi komanso kunja, kumbali ya katundu, chifukwa pamwamba pa puleti pakukokedwa kuchoka pa mzati. Pa nsonga yapansi ukulowera pansi komanso mkati. Mnzanu anangophatikiza 125 ndi 456 napeza 581, ngati kuti mivi yonse ikuloza kumodzi. Anthu awiri okoka galimoto ndi zingwe ziwiri, wina molunjika wina chammbali, mphamvu zawo sizingophatikizana zonse, chifukwa gawo lina la wachammbaliyo likupita kwina.

Njira yosavuta kulakwitsa ndi kuthyola muvi wopendekekawo kukhala zigawo ziwiri, chopingasa ndi chotsika. Pali kanthu kamodzi komwe kamasokoneza anthu: gawo lopingasa limachokera pa mtunda woimirira y, ndipo gawo lotsika limachokera pa mtunda wopingasa x. Zimasinthana chonchi chifukwa muviwo wapingasa mzere wa r. Ganizirani malo omwe ali pamwamba penipeni pa ekiselo ya gudumu: gudumu likazungulira, malowo amayenda chopingasa, osati chokwera.

```
f2h = M × y / J = 11,250,000 × 100 / 3,083,333 = 365 N/mm
f2v = M × x / J = 11,250,000 × 75 / 3,083,333 = 274 N/mm
```

Zotsika ziwiri, 125 ndi 274, zikuloza kumodzi, ndiye izi zokha n'zomwe tingaphatikize mwachindunji, ndipo tipeza 399. Chopingasa chilibe chinzake, chikhala 365. Ziwirizi zakumana pa madigiri 90, choncho tigwiritsa ntchito lamulo la Pythagoras:

```
fR = √(365² + 399²) = 540 N/mm
```

Ndimalangiza kuti mubwereze kudzera njira ina, chifukwa n'zosavuta kusinthanitsa x ndi y osazindikira. Ngodya ya pakati pa mivi iwiri ija ili ndi cos θ wofanana ndi x / r, yemwe ndi 75 / 125 kapena 0.6, ndiye kuti pafupifupi madigiri 53:

```
fR = √(f1² + f2² + 2 × f1 × f2 × cos θ)
   = √(125² + 456² + 2 × 125 × 456 × 0.6) = 540 N/mm
```

Fomula yachiwiriyi ikuonetsanso kulakwitsa kwina komwe ndimakuona kawirikawiri. Munthu amakumbukira kuti pali sikweya ruti penapake, n'kulemba √(125² + 456²), ngati kuti mivi iwiriyo yakumana kale pa madigiri 90. Amapeza 473 N/mm. Pepala lake limaoneka la munthu wodziwa, koma wataya gawo lachitatu la pansi pa ruti, ndipo yankho lake latsika ndi pafupifupi 12 peresenti kumbali yoopsa. Bola kuphatikiza kwa mnzanu kuja, komwe kumakweza nambala ndi 8 peresenti yokha.

Tsopano mmero. Mukadula fileti mopingasa mumaona kachidutswa ka makona atatu, komwe miyendo yake iwiri yagona pa zitsulo ziwiri zomwe zalumikizidwa. Nambala ya 8 mm yomwe mwatchula ndi mwendo. Koma msoko suthyokera pa mwendo, umathyokera pomwe wapyapyala kwambiri, pa mtunda waufupi wochokera pa muzu wake, mkati mwa ngodya, kufika pa nkhope yake. Mtunda umenewu ndiwo mmero. Miyendo ikakhala yofanana, zitsulo zitakumana pa madigiri 90, mmero ndi mwendo kuchulukitsa ndi 0.707:

```
a = 0.707 × 8 = 5.66 mm
τ = fR / a = 540.4 / 5.656 ≈ 96 MPa
```

Chonde tsimikizani kuti 8 yemwe ali pa pulani yanu ndi mwendo ndithu. Pa zizindikiro za ISO 2553, chilembo z patsogolo pa nambala chimatanthauza mwendo, pomwe chilembo a chimatanthauza mmero. Fileti ya a8 ndi yaikulu kwambiri kuposa ya z8. Wojambula akatanthauza a koma wowotcherera n'kuwerenga ngati z, msoko umatuluka wochepa ndi pafupifupi 30 peresenti popanda aliyense kudziwa kuti walakwitsa.

Ndibwino kuonanso ngodya zomwe msoko woimirira ukukumana ndi yopingasa, kuti mukhutire kuti sitinasankhe malo olakwika. Pamenepo y akadali 100 mm, ndiye chopingasa chikadali 365. Koma x ndi 25 mm kumanzere, komwe puleti ikukwera, choncho kupotokola kukupereka 91 N/mm yolozera mmwamba, yotsutsana ndi 125 uja. Zotsala ndi 34 zokha, ndipo zonse pamodzi zikupereka 366 N/mm, kapena 65 MPa. Ndi nambala yocheperapo, koma onani kuti ngakhale pamenepa yaposa 22 MPa yanu pafupifupi katatu. Pa misoko yosafanana mbali zake, monga yooneka ngati chilembo L, simungadziwe ndi maso okha malo ovutika kwambiri, ndipo muyenera kuwerengera nsonga ndi ngodya iliyonse.

Kodi 96 MPa ndi yochuluka? Izi zitengera buku la malamulo lomwe mukutsatira, komanso ngati 50 kN yanu ndi katundu weniweni kapena wochulukitsidwa kale ndi fakitala yachitetezo. Ndiyerekeza kuti ndi weniweni. Mu Eurocode 3, gawo la EN 1993-1-8, muli njira yachidule yomwe imagwirizana ndendende ndi zomwe tachitazi, chifukwa imatenga mphamvu yophatikizana pa milimita iliyonse mosasamala komwe ikuloza:

```
fvw,d = fu / (√3 × βw × γM2)
      = 430 / (1.732 × 0.85 × 1.25) = 234 MPa
```

Apa ndatenga chitsulo cha S275 chokhala ndi fu, sitiresi yomwe chimadukira pokokedwa, ya 430 MPa. Fakitala yake βw ndi 0.85, ndipo γM2, fakitala yachitetezo ya msoko, ndi 1.25. Pansi pa malamulo amenewa katundu wosinthasintha amachulukitsidwa ndi 1.5, ndiye 96 ikhala pafupifupi 143 MPa, yomwe ili pansi pa 234. Mukatsatira njira ya sitiresi yololedwa ya AISC, bungwe la ku America la zomanga ndi zitsulo, katundu sachulukitsidwa, koma malire ake ndi 0.30 kuchulukitsa ndi mphamvu ya ndodo yowotcherera, zomwe pa ndodo za E70 zimapereka pafupifupi 145 MPa. Njira zonse ziwiri zikuti msoko wanu ukugwiritsa ntchito pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zake, kapena kucheperapo pang'ono. Chomwe simuyenera kuchita ndi kusakaniza: kutenga 96 ya katundu wosachulukitsidwa n'kuiyerekeza ndi 234. Pamenepo mumakhala mutadya chitetezo chonse cha pa katundu.

Ndiye fileti ya 8 mm ikukwanira ngati katunduyo ndi wokhazikika. Ngakhale ya 6 mm ikanadutsa, chifukwa mmero wake ndi 4.24 mm ndipo sitiresi ikanakhala 127 MPa. Ine sindikanatsika kufika pamenepo pa bulaketi iyi, ndipo chifukwa chake chili pa nsonga zija.

Masamu atiuza kuti malo ovutika kwambiri ndi pomwe msoko ukuyambira kapena kuthera. Aliyense amene anagwirapo ndodo yowotcherera akudziwa kuti amenewa ndiwonso malo ofooka kwambiri pa msoko wonse. Poyambira, chitsulo chimakhala chisanatenthe, ndipo msoko sulowerera bwino mpaka pa muzu. Pothera, wowotcherera akachotsa ndodo mofulumira pamatsala kadzenje, ndipo nthawi zina mkati mwa kadzenjeko mumakhala kamng'alu kakang'ono kobwera pozizira. N'chifukwa chake EN 1993-1-8 imati utali wowerengeredwa ndi wokhawo womwe fileti ili yokwana kukula kwake, ndipo ngati nsonga sizinadzazidwe bwino muchotseko. Ndayesa kuchotsa 6 mm pa nsonga iliyonse ya bulaketi yanu, kuti misoko yopingasa ikhale 94 mm. J yatsika kufika pafupifupi 2,900,000 mm³ ndipo sitiresi yakwera kufika 100 MPa. Pa pulani lembani kuti tizidzenje ta kunsonga tidzazidwe, ndipo mukapita kukaona ntchito yambirani kuyang'ana pa nsonga yapamwamba, yomwe ikukokedwa kuchoka pa mzati. Kamzere ka dzimbiri kapena penti yosweka pamenepo ndi chizindikiro choti muyeze ngati pali mng'alu musanaikenso katundu.

Nthawi ina ndinaitanidwa kukaona mabulaketi omwe pulani yake inkati fileti ya 8 mm. Poyang'ana ndi maso misoko inkaoneka yonenepa bwino, yosalala. Nditaika geji ndinapeza kuti mwendo wogona pa mzati unalidi 8, koma wokwera m'mphepete mwa puleti unali 5 yokha, chifukwa chitsulo chosungunuka chinkayenderera pansi. Fileti ya miyendo 8 ndi 5 ili ndi mmero wa 4.2 mm, wofanana ndi wa fileti ya 6 mm. Chimodzimodzi msoko wolowa mkati ngati supuni: miyendo yake ikhoza kukwana pomwe mmero wachepa. Mpata wa pakati pa puleti ndi mzati nawonso umadya mwendo, chifukwa gawo lina la chitsulo chosungunuka limangodzaza mpatawo. Pogawa ndi 5.66 mukulonjeza kuti 5.66 ilipodi pa chitsulo, ndipo geji yokha ndi yomwe ingakutsimikizireni.

Mukadzafuna kutsitsa sitiresi, musathamangire kunenepetsa msoko. Kuchoka pa 8 mm kupita pa 10 mm kumatsitsa 96 kufika 76 MPa, koma chitsulo chowotcherera chimachuluka ndi 56 peresenti, chifukwa chimakula ndi sikweya ya mwendo, ndipo kutentha kochuluka kumapinda puleti. Kumbukirani mamiliyoni awiri aja a mu Ix. Mukatalikitsa puleti kuti msoko woimirira ukhale 300 mm, fileti ikadali 8 mm, utali wonse umangokwera ndi 25 peresenti, koma J imalumpha kufika 7,216,667 mm³ ndipo sitiresi imatsika kufika 58 MPa. Kutalikitsa misoko ndi sentiroyidi kumapindula kuposa kuinenepetsa. Mbali inayi, wina akasiya msoko woimirira chifukwa choti malo ake ndi opanikiza, sentiroyidi imasunthira pa 50 mm, utali umatsala theka, ndipo sitiresi pa nsonga imakwera kufika 118 MPa. Mukapeza kuti mbali imodzi sinawotchereredwe, masamu onse ayambirenso pa sentiroyidi.

Njira yonseyi yatsamira pa zongoganizira zingapo. Tati puleti ndi yolimba moti siipindika, tati ikuzungulira pa sentiroyidi, ndipo tati msoko walephera pomwe malo amodzi okha afika pa malire. Zoona zake n'zakuti nsonga ikayamba kugonja, mbali zina za msoko zimalandirako katundu, komanso fileti yokokedwa mopingasa ndi yamphamvu kuposa yokokedwa motsata utali wake. Choncho njirayi imasiya chitetezo chowonjezera. Buku la AISC lili ndi matebulo a njira ina yomwe imafunafuna malo enieni ozungulirapo ndipo imalola katundu wokulirapo. Pa bulaketi imodzi kapena ziwiri ine sindiona phindu lofinya msoko chotero. Ndipo ngati katunduyo amabwera n'kuchoka kambirimbiri, monga pa njanji ya kireni kapena pansi pa makina onjenjemera, chitetezo chowonjezeracho musachiwerengere n'komwe. Pamenepo nkhani imakhala kutopa kwa chitsulo, komwe kumayambitsa mng'alu pa sitiresi yotsika kwambiri kuposa 234, ndipo muyenera kuyeza kusinthasintha kwa sitiresi motsatira EN 1993-1-9 kapena malamulo ofanana nawo. Puleti yokha nayonso iwerengeredwe payokha: pa m'mphepete mwa mzati ikupindidwa ndi 50 kN pa mkono wa 150 mm, ndipo ikakhala yopyapyala mbali yake yapansi ingakhote msoko usanavutike.

Pomaliza, onetsetsani kuti bulaketi yanu ndi ya mtundu womwe tawerengerawu. Tagwiritsa ntchito J chifukwa puleti yagona pa nkhope ya mzati, ndipo katundu ali pa bwalo limodzi ndi misoko, moti akuipotokola. Puleti ikanakhala yoima ndi m'mphepete mwake pa nkhope ya mzati, yotulukira kutsogolo ngati shelefu, momentiyo ikanafuna kuzula pamwamba pa msoko n'kukanikiza pansi pake. Pamenepo J sagwira ntchito, mumagwiritsa ntchito Ix yokha, ndipo mphamvu ya momenti ndi M × y / Ix. Muvi wake umatuluka molunjika kuchoka pa nkhope ya mzati pomwe wa P / L ukuloza pansi, ndiye iwiriyo imakumanadi pa madigiri 90 ndipo √(f1² + f2²) ndi yolondola. Ndi kumeneko komwe fomula ija imachokera, ndipo anthu amaitengera ku bulaketi ya mtundu wanu komwe siyenera. Musanalembe nambala iliyonse, jambulani misoko, ikani kadontho pa sentiroyidi, ndipo pa nsonga yomwe mukuikayikira jambulani mivi iwiriyo ndi komwe uliwonse ukuloza.